Ndikufuna amita yakale ya 1 mA iziwerenga maampeya 10 a sola, shanti yake ndiipeze bwanji?

Kaning'ina_Sola
Moni nonse pagulu. Ndili ndi amita ya singano imene ndinachotsa pa makina akale amene anafa. Pankhope pake munsimu analemba `1 mA`, sikelo yake imachoka pa 0 kufika pa 1. Kunyumba ku Chiputula ndili ndi panelo ya mawati 150 ndi batire ya mavoti 12, ndipo ndikufuna ndiziona ndi maso karenti imene ikulowa m'batire, chifukwa nyengo ya mitambo ino sindikhulupirira timagetsi tofiira ndi tobiriwira ta pa kontirola. Ndinamva kuti pamafunika shanti. Funso langa: ikhale ya maomu angati kuti singano izifika kumapeto pa maampeya 10, ndipo ndingaipange ndekha kapena n'zogula basi?

Gift_wa_Mawaya
Ikani rezisita yaikulu kutsogolo kwa mitayo achimwene, ya 10k kapena 15k. Karenti ichepa, mita siipsa.

MadalaWaLuwinga
A Gift, zimene mwanenazo mupanga nazo mita yoyezera mavoti, osati maampeya. Rezisita ya 15k kutsogolo kwa mita ya 1 mA ikupatsani votimita ya mavoti pafupifupi 15. Mukaiika pa waya wopita ku batire ndiye kuti mwatseka njira, batire silandira kanthu. Shanti imakhala pambali pa mita, miyendo yake iwiri ikugwirana ndi miyendo iwiri ya mita, ndipo imakhala yaing'ono zedi kuti karenti pafupifupi yonse idutse mmenemo, koyilo ya mkati mwa mita ingolandira kagawo kake ka 1 mA.

A Kaning'ina, musanafunse za shanti tiuzeni kaye rezisitansi ya koyilo. Popanda nambala imeneyo palibe amene angakuwerengereni.

Kaning'ina_Sola
Sanalembe paliponse madala. Ndingoyeza ndi mita ya digito pa maomu?

NyaMoyo_Lab
Dikirani kaye musanagunditse. Mita ya digito ikamayeza maomu imatumiza karenti yakeyake mu chinthu chimene mukuyezacho. Pa mita ya 1 mA ngati yanuyi kawirikawiri singano imangodumpha n'kubwerera, koma wina akawerenga pano n'kukachita zomwezo pa kamita ka `50 µA`, singano ikhoza kumenya kumapeto mwamphamvu mpaka kupindika. Ndiye ndikuuzeni njira imene timaphunzitsa ana asukulu, koma maomu amene nditchulewa ndi a mita ya 1 mA ngati yanuyi.

Tengani batire limodzi la tochi la mavoti 1.5, rezisita ya 1k, ndi voliyumu ya wailesi ya 1k kapena yoposerapo. Zonse zikhale pa mzere umodzi ndi amita yanuyo. Yambani voliyumu ili pa maomu ambiri, muzipotokola pang'onopang'ono mpaka singano iime ndendende pa chizindikiro chomaliza. Ikaima pamenepo, ikani mita ya digito pa mamilivoti, muyeze pa miyendo iwiri ya amita. Nambala imene muone ndi imene tikufuna kwenikweni. Kenako dulani mzere pamalo amodzi, mulowetsepo mita ya digito pa mamiliampeya, mubwezeretse singano kumapeto, muone ngati ndi 1 mA yeniyeni. Mamita ena akale amakhala ndi kashanti kobisika mkati, ndiye zolemba pankhope ndi zimene zikuchitika zimasiyana.

Kaning'ina_Sola
Ndachita mmene mwanenera mayi. Singano ili kumapeto, digito ikuti 68 pa mamilivoti. Karenti ikuti 1.00.

NyaMoyo_Lab
Zili bwino. Ndiye koyilo yanu ndi ya maomu 68, chifukwa mamilivoti 68 kugawa ndi miliampeya imodzi ndi 68.

Tsopano ganizani motere. Singano siidziwa kanthu za maampeya 10. Chimene imadziwa ndi chimodzi: ikaona mamilivoti 68 pa miyendo yake imapita kumapeto. Shanti ili pambali pake, ndiye nayonso ili ndi mamilivoti 68 omwewo. Ntchito yanu ndi kupeza chinthu chimene chimapereka mamilivoti 68 pamene karenti yotsala, kuchotsapo ya koyilo, ikudutsamo.

```
Rsh = (Im × Rm) / (I − Im)
Rsh = (0.001 × 68) / (10 − 0.001)
Rsh = 0.068 / 9.999 = 0.0068 Ω
```

Ndi mamiliomu 6.8. Kutentha kumene ipange pa maampeya 10 ndi mavoti 0.068 kuchulukitsa ndi 10, kutanthauza mawati 0.68. Batire lanu lingotaya mamilivoti 68 pa mavoti 12, simuzindikira n'komwe. Ndipo muli ndi mwayi pa sikelo: popeza imachoka pa 0 kufika pa 1, muzingochulukitsa ndi 10 m'mutu. Singano ikakhala pa 0.6 ndi maampeya 6.

Tiwonge265
Ine ndinaphunzira njira yachidule. Mumangoona kuti mukufuna kukulitsa kangati, apa ndi ka 10,000, n'kugawa maomu a koyilo ndi nambala imeneyo. 68 kugawa ndi 10,000 ndi 0.0068. Yankho lomwelo, popanda zochotserachotserazo.

MadalaWaLuwinga
Apa zakuyenderani chifukwa 1 mA pa maampeya 10 siioneka. Yesani njira yanuyo pa mita yomweyi mukufuna iziwerenga 5 mA. Inu mugawa 68 ndi 5 mupeza 13.6. Koma mu shanti mukudutsa 4 mA yokha, inayo ili mu koyilo, ndiye yoyenera ndi 68 kugawa ndi 4, maomu 17. Mukaika ya 13.6 singano ifika kumapeto pa 6 mA, osati 5. Kuchotsa kumodziko si kukongoletsa masamu ayi.

Tiwonge265
Pa timiyeso tating'ono ndamva. Koma munthu wa sola ndi wa galimoto amasewera ndi maampeya 10, 20, 50, ndiye kwa ife yachidule ija ndi yokwanira.

MadalaWaLuwinga
Kwa inu ndi yokwanira. Pagulu pano pali ana a ku Mzuzu Technical ndi a ku Mzuni amene mawa akalemba mayeso, amenewo asatengere.

Kaning'ina_Sola
Zikomo. Koma rezisita ya 0.0068 ndiipeza kuti? Mumsika ndafunsa m'maokala atatu a zida za wailesi, yaing'ono kwambiri imene ali nayo ndi ya 0.22, zoyera za simenti zija. Mita yanga ya digito nayonso ndikagunditsa zingwe zake zokha ikuwerenga 0.4, ndiye mamiliomu ndiwayeza bwanji?

Gift_wa_Mawaya
Za 0.22 zo mumange zambiri pambali pa zinzake.

Chimango_Eng
Zingafunike 32, a Gift. Ndipo mfundo iliyonse imene muwotcherere ikuonjezera vuto lake. Musiyeni munthu asawononge ndalama.

A Kaning'ina, shanti yanu ili kale m'nyumba mwanu. Waya wa kopa wa mita imodzi m'litali, wonenepa sikweya milimita imodzi, amakhala ndi maomu pafupifupi 0.0172. Waya wa 2.5 umene timawayira masoketi ndiye uli ndi 0.0172 kugawa ndi 2.5, mamiliomu 6.9 pa mita imodzi. Inu mukufuna 6.8, ndiye ndi masentimita 99. Ngati muli ndi wa 1.5 wa mababu, ndi masentimita 59, koma ine ndingasankhe wa 2.5 chifukwa kutentha komweko kumamwazika pa waya wautali ndi wonenepa, ndipo mukaphonya ndi sentimita imodzi mwangolakwitsa ndi gawo limodzi pa 100.

Za kuyeza mamiliomu ndi mita yanu iwalani. Simuyeza shanti ndi omumita. Mumaidutsitsa karenti yodziwika n'kuona singano, ndizifotokoza pansipa. Koma choyamba mumve nkhani ya kalumikizidwe, chifukwa anthu ambiri masamu amawapeza bwino n'kugwera pamenepa.

Bambo_Junior_Katawa
Pepani ndilowererepo. Ine ndili ndi chigayo chaching'ono cha magetsi a ESCOM, ndikufuna kuona chikukoka maampeya angati. Ndingachite zomwezi?

NyaMoyo_Lab
Ayi bambo, musayese. Mita ya koyilo ndi maginito ngati iyi imafuna karenti yopita mbali imodzi, ya batire. Ya ESCOM imapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, singano ingonjenjemera pa ziro. Choopsa kwambiri n'chakuti waya wa shanti ndi mita yomwe zikhala pa mavoti 230. Chigayo chimafuna mita yopana waya ija, yosadula kanthu. Bwerekani kwa amisiri a zamagetsi.

Bambo_Junior_Katawa
Chabwino mayi. Ndipo magetsi ake masiku ano akumabwera ofooka madzulo, mota imangolira osanyamuka bwino. Kwanu ku Luwinga zili choncho madala?

MadalaWaLuwinga
Muyeze mavoti pa mota penipeni ikamayamba, kenako muyeze pa bolodi. Akasiyana kwambiri vuto ndi waya wanu wopita kuchigayo, mwina ndi woonda kapena wautali. Tsegulani nkhani yake padera, tikathandizane kumeneko.

Chimango_Eng
Tibwerere ku shanti. Nayi nkhani ya kalumikizidwe.

Munthu amadula waya wake wa masentimita 99, n'kupinda nsonga zonse, n'kumanga pa bawuti imodzi zinthu zitatu: waya wochokera ku kontirola, nsonga ya shanti, ndi kawaya kopita ku mita. Mbali inayo chimodzimodzi. Poona ndi maso zili bwino. Koma pamene zitsulo ziwiri zagundana pa bawuti pamakhala rezisitansi yake, mwina miliomu imodzi, mwina ziwiri, malinga ndi mmene mwamangira ndi mmene payerera. Pa babu kapena pa wailesi zimenezo si kanthu. Pa shanti ya mamiliomu 6.8, mamiliomu awiri oonjezera akupanga 8.8, ndipo mita iwerenga mopitirira ndi pafupifupi magawo 30 pa 100. Maampeya 7 aoneka ngati 9. Choipa china n'chakuti nambalayi siikhazikika: lero mwamanga bawuti ikuwerenga china, mwezi wamawa dzimbiri lalowa ikuwerenga china. Ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, kopa wosatetezedwa sachedwa kuda.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi malo anayi olumikizira, osati awiri. Dulani waya wautaliko, masentimita 120. Nsonga ziwiri zakunja ndi za karenti yaikulu, mumange pa mabawuti. Tiwaya tiwiri topita ku mita musatiike pa mabawutiwo. Sendani pulasitiki pang'ono mkati mwa utali wa waya, malo awiri otalikirana masentimita 99, muwotcherere tiwayato ndi mtovu pamenepo. Tsopano mita ikuona kopa yekhayekha wa pakati pa mfundo ziwirizo. Bawuti ikachita dzimbiri itentha yokha, koma mita siinama. Ndipo mfundo za tiwaya zikakhala ndi rezisitansi pang'ono sizisokoneza, chifukwa mukudutsa 1 mA yokha ndipo kutsogolo kuli maomu 68.

Shanti zogula zonse muziona zili choncho: mabawuti awiri aakulu kunja, tisikuluwu tiwiri tating'ono mkati. Sanaziike kuti zikongole.

MadalaWaLuwinga
Ndionjezere chifukwa chachiwiri, chimene kwa ine ndi chachikulu kuposa kulondola. Mukamanga zonse pa bawuti imodzi, tsiku limene nsonga ya shanti idzasomphoke koma waya waukulu ndi kawaya ka mita zikadagwirana, karenti yonse ya panelo idzafuna kudutsa mu koyilo. Zili ngati ngalande yaikulu ya kudimba yatsekeka, madzi onse n'kuthamangira m'kamseru ka bedi limodzi la mbewu. Koyilo ya 1 mA ndi kawaya koonda kuposa tsitsi, imapsa musanaphethire. Kwanga kunabwerapo mnyamata ndi mita yabwino zedi ya pa tchaja ya mabatire, yapsa mwanjira imeneyi, bawuti inamasuka ndi kugwedezeka kwa jenereta. Ndi malo anayi aja, bawuti ikamasuka njira yonse yaduka, mita ingobwerera pa ziro.

Pa chifukwa chomwechi musaike switchi kapena fyuzi pakati pa shanti. Fyuzi ikhale kunja, pafupi ndi batire.

Tiwonge265
Bwanji osangoika madayodi awiri pa miyendo ya mita, ina kuyang'ana uku ina uku? Mamita ambiri ndimawaona ali nawo.

Chimango_Eng
Ikani, sizilakwika, pa mamilivoti 68 dayodi ya silikoni siitenga kanthu koti n'kuoneka. Koma dziwani malire ake. Imayamba kugwira pa mavoti 0.6 kapena 0.7, pamenepo koyilo ikulandira kale pafupifupi ka 10 kuposa muyeso wake. Imathandiza pa kugunda kwa kanthawi. Shanti itaduka pakati ndi maampeya 8 akubwera, `1N4007` ndi ya ampeya imodzi, siikhalitsa.

Kaning'ina_Sola
Ndamva za malo anayi. Nanga kuyesa kuja munati mufotokoza?

Chimango_Eng
Masentimita 99 ndi poyambira chabe, chifukwa simudziwa ngati waya wanu ndi 2.5 weniweni. Wina mumsikamu ndi woonda kuposa zimene analemba, wina ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Palani nsonga ndi mpeni, mukaona zoyera mkati ndi ameneyo, ndipo rezisitansi yake imaposa ya kopa ndi theka kapena kupitirira. Musamugwiritse ntchito.

Poyesa chitani izi. Wotchererani kawaya kamodzi kokha, kenako kachiwiri kakhale koti mungathe kukasuntha, sendani kadera ka masentimita 15 kuti muzikayendetsa pamenepo. Pa mzere umodzi ikani batire, fyuzi, babu ya galimoto ya mawati 55, mita ya digito pa bowo la `10A`, ndi shanti. Babu imeneyo imakoka maampeya 4 ndi theka kapena pafupi. Yambani tiwaya tili moyandikana, singano iwerenge mochepa, muzitalikitsa mpaka singano igwirizane ndi digito. Digito ikati 4.4, singano ikhale pa 0.44. Ikani chizindikiro, chotsani batire, wotcherani, dikirani kuti pazizire bwinobwino, muyesenso.

Yang'anani pafupi ndi bowo la `10A` pa mita yanu, ambiri amalemba masekondi amene mungadutsitse karenti yaikulu. Mkati mwake mulinso shanti yaing'ono imene imatentha, ndiye musaisiye nthawi yaitali. Mukakhala ndi mababu awiri yesaninso pa maampeya pafupifupi 9, chifukwa ndi bwino kukonza mita pafupi ndi kumapeto kwa sikelo kusiyana ndi pakati.

Mlongo_wa_Zolozolo
Ine sindikumvetsa chifukwa chovutikira chonchi. Ndili ndi shanti yogula imene inatsala pa ntchito ina, analemba `50A 75mV`. A Kaning'ina bwerani mudzatenge, 50 ndi yoposa 10, ndiye ipirira bwino.

NyaMoyo_Lab
Mtima wabwino achemwali, koma siigwira mmene akufunira. Imeneyo imapereka mamilivoti 75 pa maampeya 50. Pa maampeya 10 ipereka 15 okha, ndipo mita yawo imafuna 68, ndiye singano ingoyenda pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a sikelo. Kupirira ipirira, koma kuwerenga kudzavuta.

Ikanakhala ya `10A 75mV` bwenzi zili zokoma. Mita ikufuna 68, shanti ikupereka 75, atsala mamilivoti 7 oti atayike pa 1 mA, ndiye mumangoika rezisita ya maomu 7 pa kawaya kamodzi kopita ku mita. Ya 6.8 imapezeka, ndipo kusiyana kwake ndi kochepera theka la gawo limodzi pa 100. Zikanakhala kuti shanti ndi ya mamilivoti 50, palibe chimene mungachite, singano siingafike kumapeto. Ndiye pogula, mamilivoti a shanti akhale ofanana kapena oposa a mita, ndipo maampeya akhale amene mukufuna pa sikelo.

Mlongo_wa_Zolozolo
Oho. Ndiye ikhala kuno mpaka wina adzafune ya inveta.

Chimango_Eng
Ndipo ine ndikanakhala a Kaning'ina ndikanafunafuna ya `10A 75mV` yo. Kopa ndi wa pongoyambira. Rezisitansi yake imakwera pafupifupi magawo 0.39 pa 100 pa digiri iliyonse. Waya ukafunda ndi madigiri 10 chifukwa cha karenti yake yomwe, mita iwerenga mopitirira ndi magawo 4 pa 100. Mudzazindikira poona singano ikukwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo pamene katundu sanasinthe. Shanti zogula amapangira manganini, chitsulo chosakaniza kopa, manganizi ndi nikelo, chimene sichisintha kwenikweni ndi kutentha.

MadalaWaLuwinga
Apa a injiniya ndikutsutsani. Mwaiwala kuti koyilo nayonso ndi ya kopa. Chimene chimagawa karenti ndi kusiyana kwa rezisitansi ziwirizi. Shanti ya kopa ndi koyilo ya kopa zikakhala m'chipinda chimodzi, kukazizira zonse zimatsika limodzi, kukatentha zimakwera limodzi, magawidwe sasintha. Tsopano ikani manganini wanu. Shanti yaima pamodzimodzi, koyilo yokha ikusintha. Mwaikonza mita masana a Okutobala pa madigiri 25, m'mawa wa Juni kuno kuli madigiri 10, koyilo yatsika kuchoka pa 68 kufika pa 64, mita ikuwerenga mopitirira ndi pafupifupi magawo 6 pa 100. Ndiye wolondola ndi uti?

Chimango_Eng
Masamu anuwo ndi oona madala, n'chifukwa chake opanga mamita amaika rezisita ya manganini pa mzere ndi koyilo, kuti gawo la kopa likhale lochepa pa zonse. A Kaning'ina ataika rezisita yabwino ya maomu 68 kutsogolo kwa koyilo, kusintha kuja kutsika ndi theka. Mtengo wake ndi wakuti shanti iyenera kupereka mamilivoti 136, kutentha kwake kukhala mawati 1.36. Koma mfundo yanu imagwira pokhapokha shanti ndi koyilo zili pa kutentha kumodzi. Shanti ikudutsa maampeya, koyilo ikudutsa miliampeya. Sizingafanane.

MadalaWaLuwinga
Mawati 0.68 pa waya wa mita yathunthu, wa 2.5, umene m'nyumba umanyamula kuposa maampeya 10 tsiku lonse? Ufunda ndi madigiri ochepa chabe, bola asaukulunge mothinana n'kuutsekera m'kabokosi. Aupinde mokhotakhota pa thabwa, mphepo izipita. Ine wanga ali choncho pa tchaja zaka zambiri.

Chimango_Eng
Pa maampeya 10 ndikhoza kukulolani. Wina akatengera nzeru yomweyi pa maampeya 50 a inveta ndi waya woonda, ndiye ayi.

NyaMoyo_Lab
Nonse awiri mukukangana pa magawo 4 kapena 6 pa 100, pamene mita ya digito yotchipa pa bowo la `10A` imatha kuphonya ndi magawo 2 kapena 3, ndipo singano yakale nayo ili ndi kuphonya kwake. A Kaning'ina akufuna kudziwa ngati panelo ikupereka maampeya 2 kapena 7. Pa ntchito imeneyo njira zonse ziwiri zikwanira. Akanakhala kuti akugulitsa magetsi ndi mita imeneyi bwenzi tikulankhula zina.

Kaning'ina_Sola
Ndabwera ndi zotsatira. Ndatenga waya wa 2.5 wa kopa weniweni, ndapala ndaona. Babu ya 55, digito inati 4.4. Singano yafika pa 0.44 tiwaya titatalikirana masentimita 93, osati 99. Ndalakwitsa penapake?

NyaMoyo_Lab
Simunalakwitse, n'chifukwa chake timayesa. Ngati masentimita 93 akupereka mamiliomu 6.8, waya wanu ndi wa pafupifupi 2.35 m'malo mwa 2.5, zimene zimachitika kwambiri. Mwinanso gawo lina ndi la digito yanu. Mukapeza mita ya mnzanu muyerekeze, zikagwirizana siyani pa 93.

Kaning'ina_Sola
Ndaiika pa waya wa negativu, pakati pa batire ndi kontirola. Masana dzuwa litatuluka inafika pa 0.7, ndinasangalala kwabasi. Koma usiku titayatsa mababu ndi TV singano ikubwerera m'mbuyo, ikukanikiza kachitsulo ka kumanzere kwa ziro. Yawonongeka?

MadalaWaLuwinga
Siinawonongeke, ikunena zoona. Waya wa batire umanyamula mbali zonse, masana karenti ikulowa, usiku ikutuluka. Komanso dziwani kuti 0.7 munaona masanayo ndi zimene zatsala mutachotsa zimene nyumba inkadya nthawi imeneyo, si zonse za panelo ayi. Kukanikiza m'mbuyo ndi maampeya atatu kapena anayi sikupsereza koyilo, ndi karenti yomweyo imene imapirira kutsogolo, koma si bwino singano kugona pa kachitsulo usiku uliwonse.

Njira zilipo ziwiri. Musamutsire shanti pa waya wochokera ku panelo kupita ku kontirola, kumeneko karenti imapita mbali imodzi. Kapena muisiye pomwepo, muike switchi ya miyendo isanu ndi umodzi yotembenuza tiwaya tiwiri ta mita, masana mbali ina usiku mbali ina. Switchi pa tiwaya tating'onoto ndi yololedwa, yoletsedwa ndi ya pa shanti penipeni.

Tiwonge265
Kasikuluwu ka pankhope kaja sangakapotokole kuti ziro ibwere pakati?

MadalaWaLuwinga
Kamayendetsa singano pang'ono chabe, sikangafike pakati. Ndipo ikanafika, mbali iliyonse ikanakhala ya maampeya 5, shanti n'kuwerengedwanso.

Chimango_Eng
Ngati musamutsire ku panelo onani kaye kontirola yanu. Ikakhala ya `PWM`, karenti ya panelo ndi yolowa m'batire n'zofanana pafupifupi. Ikakhala ya `MPPT` zimasiyana, ya ku batire imakhala yochuluka, ndiye mudzakhala mukuwerenga chinthu china. Komanso batire likayandikira kudzaza, ya `PWM` imadula ndi kulumikiza mofulumira, singano imaonetsa pakatikati pake, ndiye musadabwe ikatsika dzuwa lili phwee.

Kaning'ina_Sola
Ndi ya `PWM`. Koma ndaganiza zosiya pa batire ndi kuika switchi, chifukwa kuona zimene nyumba ikudya usiku kwandithandiza, TV yokha ndi dikoda zikukoka pafupifupi 0.3. Switchiyo siionjezera maomu n'kusokoneza 68 uja?

NyaMoyo_Lab
Yatsopano imakhala ndi kagawo kochepa ka omu imodzi, pa 68 sikaoneka. Ikakalamba n'kuchita dzimbiri mita iyamba kuwerenga mochepa, ndipo mbali imodzi idzasiyana ndi inzake. Mukadzaona choncho bwerezani kuyesa kwa babu kuja pa mbali zonse ziwiri.

Mlongo_wa_Zolozolo
A Chimango, nanga yanga ya `50A 75mV` ija ndikafuna kuiika pa inveta, ndigule mita ya singano yotani? Ndaona ina analemba `50A` pankhope koma kumbuyo kuli tisikuluwu tating'ono zedi, sindikhulupirira kuti tinganyamule 50.

Chimango_Eng
Sitinyamula, ndipo musayese kudutsitsa inveta mmenemo. Yang'anani munsi mwa nkhope yake, ngati analemba `75mV` ndi mnzake wa shanti yanuyo, mungolumikiza ku tisikuluwu tiwiri ta mkati. Mutiuzenso inveta yanu ndi ya mawati angati, chifukwa ya 1000 pa mavoti 12 imakoka kupitirira maampeya 80 ikadzaza, ndipo shanti ya 50 siikwanira.